Botolo la Mafuta Ophikira Likunena Zoona, Koma Silikunena Zonse

 

Nkhani ya lero ikuchokera m'golosale. Mayi walowa kuti agule mafuta ophikira ndipo wapeza mabotolo awiri ali phewa ndi phewa pa shelefu. Limodzi lili ndi chithunzi cha mtima wofiira, ndipo pansi pake palembedwa mawu akuluakulu onena kuti mafutawa alibe kolesiterolo. Linalo silikunena kanthu, komanso mtengo wake ndi wotsikirapo. Mayi uja akukumbukira kuti bambo a kunyumba anauzidwa kuchipatala kuti achepetse zamafuta. Watembenuza mabotolo onse awiri, wawerenganso ndalama zimene wafumbata, kenaka watenga la mtima lija n'kuwonjezera ndalama. Kodi wagula chiyani ndi ndalama yowonjezerayo?

Funso limeneli tiliyankha ndi mfundo zitatu. Yoyamba: kodi n'zoona kuti mafuta ochokera ku zomera alibe kolesiterolo? Yachiwiri: n'chifukwa chiyani zomera zilibe chinthu chimene nyama iliyonse ili nacho? Yachitatu, imene titakhalitsepo chifukwa ndi imene ikukhudza mtima wanu: ngati mafutawa alibe kolesiterolo, zimatheka bwanji kuti ena mwa iwo azikweza kolesiterolo wa m'magazi?

Tisanayambe kuwerenga mfundozi, timudziwe kaye mwini nkhaniyu. Kolesiterolo ndi chinthu chonga phula, choyera mopita kuchikasu, chosasungunuka m'madzi. Madokotala akale anayamba kuchiona m'timiyala timene timapangika m'ndulu ya munthu, ndipo mu 1815 katswiri wina wa ku France, Michel Eugène Chevreul, anachipatsa dzina kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza "ndulu" ndi "cholimba". Anthu ambiri akamva dzinali amaganiza za poizoni, koma thupi lopanda kolesiterolo silingakhale ndi moyo. Selo iliyonse ya thupi lanu, kuyambira ya pakhungu mpaka ya m'chiwindi, inakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kopangidwa ndi mafuta, ndipo kolesiterolo ndiye amagwira kachikopako kuti kasalobodoke kukatentha, komanso kasaume gwa kukazizira. Thupi limamugwiritsanso ntchito popanga ndulu yogayira zakudya zamafuta, popanga vitamini D dzuwa likawomba khungu, ndi popanga michere imene imachititsa kuti mnyamata amere ndevu ndipo mtsikana athe msinkhu. Bongo wokha umasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kolesiterolo yense wa m'thupi.

Chifukwa chakuti ndi wofunika chomwechi, thupi silidikira kuti mumudye. Limadzipangira lokha, makamaka m'chiwindi, pafupifupi galamu imodzi tsiku lililonse. Wa m'zakudya amangowonjezera pang'ono pamwamba pake. Sungani mawu amenewa, chifukwa tidzawabwereranso: kolesiterolo wambiri wa m'magazi mwanu sanalowere pakamwa, anapangidwa ndi chiwindi chanu.

Tsopano mfundo yoyamba. Kodi mafuta a mpendadzuwa, a soya, a mtedza, a mbewu za thonje, a chitowe kapena a pamu ali ndi kolesiterolo? Yankho la kukhitchini ndi lakuti ayi, alibe. Ndipo si botolo la mtima lokha lija limene lilibe. Botolo lotchipa lija lilibenso. Mafuta oyezera m'timapepala ta pulasitiki pamsika, ngati ali a zomera okhaokha, alibenso. Mafuta amene alimi amafinya okha ku mpendadzuwa pa chigayo cha pamudzi alibenso. Kulemba pa botolo la mafuta a zomera kuti mulibe kolesiterolo kuli ngati kulemba pa thumba la ufa kuti mulibe minga ya nsomba. N'zoona ndithu, koma palibe thumba la ufa limene linakhalapo ndi minga.

Amene ali ndi kolesiterolo wowerengeka ndi zakudya zochokera ku zamoyo zoyenda, zouluka ndi zosambira. Dzira limodzi lalikulu la nkhuku lili ndi mamiligalamu pafupifupi 186, ndipo onsewo ali mu yolika, gawo lachikasu lija, pamene choyera chilibe n'komwe. Supuni yaikulu ya batala ili ndi pafupifupi 30. Chiwindi cha ng'ombe chophika cholemera magalamu 100 chili ndi pafupifupi 390, ndipo bongo wa ng'ombe wolemera chimodzimodzi umafika cha m'ma 3,000. Mkaka, chambiko, usipa, matemba, mbewa ndi ngumbi, zonsezi zili naye, zina wochepa zina wambiri. Pamene nsima, nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso, nsinjiro, mbatata, nthochi ndi mapeyala, ngakhale mapeyala onona aja amene amapakika pa buledi ngati batala, sizikuwonjezerani kanthu.

Koma pamaso pa anthu ofuna choonadi chonse, tiyenera kuwonjezera mawu amodzi. Akatswiri akatenga mafuta a zomera n'kuwayeza ndi makina osaphonya kanthu, amapezamo kafungo ka kolesiterolo. Ndi wochepa kwambiri: m'mafuta ambiri amakhala pakati pa mamiligalamu ochepa chabe ndi pafupifupi 50 pa kilogalamu yathunthu. Yerekezani ndi batala, amene ali ndi oposa 2,000 pa kilogalamu. Tiwerengere limodzi. Supuni yaikulu ya mafuta imalemera magalamu 14. Ngakhale titatenga mafuta amene ali ndi wambiri mwa onse, supuni imeneyo sifika miligalamu imodzi. Kuti munthu apeze kolesiterolo wofanana ndi wa dzira limodzi, angafunike kumwa malita anayi a mafuta oterowo, ndipo akakhala a mpendadzuwa, malita oposa khumi. N'chifukwa chake matebulo a zakudya amangolemba 0, ndipo sakunama. Ndi chimodzimodzi munthu amene wasesa nkhokwe n'kutsalamo maso awiri a chimanga m'ming'alu: akanena kuti nkhokwe yatha, palibe angamutsutse.

Pali malo amodzi pamene ziro ameneyu amasokonekera, ndipo ndi pa chiwaya. Kolesiterolo sasungunuka m'madzi, koma m'mafuta amasungunuka bwino lomwe. Wogulitsa akakazinga nyama ya nkhumba, nthumbwana ndi zam'kati m'mafuta a soya, mafuta a nyamayo amasungunuka n'kusakanikirana ndi a soya aja. Chipisi chimene chitalowe m'chiwaya chomwecho pambuyo pake chimatuluka chitanyamulako. Mbatatesi inalibe, mafuta a m'botolo analibe, koma mbale ya chipisi ili naye. N'chimodzimodzinso keke kapena mandasi amene akandidwa ndi mazira ndi mkaka: ufa ndi wa mbewu, mafuta ndi a mbewu, koma kolesiterolo walowa ndi dzira.

Ndiye mfundo yoyamba tiimange motere: mafuta onse a zomera, odula ndi otchipa omwe, alibe kolesiterolo woti n'kuwerengera. Mayi uja sanagule chilichonse chapadera ndi mawu aja.

Tipite ku mfundo yachiwiri, imene ambiri safunsa. Chifukwa chiyani zili chomwechi? Ngati selo iliyonse imafuna chogwirira kachikopa kake, nanga selo ya chimanga imagwirira chiyani?

Ena amayankha kuti zomera zili ndi khoma lolimba kunja kwa selo iliyonse, khoma lomwe lija limapangitsa phesi kuima chilili ndi nsungwi kukhala yolimba, choncho sizifuna kolesiterolo. Yankho limeneli lili ndi theka la choonadi. Khomalo lilipodi, ndipo nyama zilibe. Koma kuseri kwa khomalo, selo ya chomera ili ndi kachikopa ka mafuta ngati kathu komwe, ndipo nakonso kamafuna chogwirira. Zomera zinangosankha mmisiri wina. M'malo mwa kolesiterolo zimapanga abale ake, amene akatswiri amawatcha mafaitositerolo, kutanthauza masiterolo a zomera. Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi sitositerolo. Bowa nayenso ali ndi wake, wotchedwa egositerolo, n'chifukwa chake ndiwo ya bowa, ngakhale imakoma ngati nyama, ilibe kolesiterolo.

Abale amenewa amafanana ngati ana a mimba imodzi. Akatswiri amalemba kolesiterolo motere: C27H46O. Sitositerolo amamulemba motere: C29H50O. Musaope manambalawo, ingoonani kuti woyambayo ali ndi timaatomu 27 ta kaboni, wachiwiriyo 29. Thupi lawo ndi limodzi, kusiyana kuli kumchira, kumene wa zomera ali ndi kanthambi kowonjezera ka timaatomu tiwiri. Ngakhale njira yowapangira imayambira pamodzi. Nyama ndi chomera zonse zimatenga tizidutswa ting'onoting'ono totsala pogaya shuga ndi mafuta, n'kumatilumikiza mpaka titapanga chingwe chachitali chotchedwa sikwalini. Pamenepo msewu umagawikana ngati pamphambano. Nyama imapinda chingwecho mwanjira yake n'kukathera pa kolesiterolo. Chomera chimachipinda mosiyana pang'ono, n'kulumikizako kanthambi kaja, n'kukathera pa sitositerolo ndi abale ake. Amene anafufuza masitepe a njira ya nyamayi, Konrad Bloch ndi Feodor Lynen, analandira mphotho ya Nobel mu 1964.

Nanga kafungo kaja kamachokera kuti? Kamachokera pakuti zomera sizinaiwaliretu njira inayo. Zina zimapanga kolesiterolo pang'ono kuti zimusandutse chida chodzitetezera. Banja la tomato, mbatatesi ndi mabiringanya ndilo katswiri pa zimenezi. Mwaonapo mbatatesi imene yakhalitsa padzuwa, khungu lake n'kubiriwira, ndipo mukailawa imawawa ndi kukereketa pakhosi. Kuwawako ndi poizoni wotchedwa solanini, amene chomeracho chimapanga kuchokera ku kolesiterolo pofuna kuthamangitsa tizilombo. Chimamupanga n'kumugwiritsa ntchito, sichimusunga wambiri. Ndipo poti tafika pamenepa, mbatatesi yobiriwira kwambiri kapena yowawa musadye, itayeni.

Ngumbi ndi ziwala zili ndi nkhani yawo yochititsa chidwi. Tizilombo totere sititha kupanga siterolo aliyense patokha. Tambiri mwa ito timadya wa zomera, n'kudula kanthambi kaja, n'kumusandutsa kolesiterolo. Thupi la munthu silitha kudula kanthambi kameneka.

Ndipo apa ndi pamene kanthambi kakang'onoko kamasanduka nkhani yaikulu. M'matumbo mwa munthu muli ngati chipata chokhala ndi mlonda. Kolesiterolo wa m'chakudya akafika pachipatapo, pafupifupi theka lake amalowa m'magazi, winayo amapitirira n'kutuluka ndi chimbudzi. Siterolo wa zomera akafika, mlonda amazindikira kanthambi kaja n'kumubweza, moti wolowa safika n'komwe magawo 5 pa 100 alionse. Koma asanabwezedwe amakhala atapanikizana ndi kolesiterolo pakhomo, monga mmene anthu amapanikizirana pokwera minibasi madzulo: malo amene wakhala wa zomera, kolesiterolo wasowa pokhala. Kafukufuku wobwerezedwa kambirimbiri wasonyeza kuti munthu akamadya magalamu awiri a masiterolo a zomera tsiku lililonse, kolesiterolo woipa wa m'magazi amatsika ndi pafupifupi magawo 10 pa 100. Chakudya chamasiku onse sichifika magalamu awiriwo, chimapereka mwina gawo limodzi mwa magawo asanu kapena khumi a mlingowo, choncho nsinjiro si mankhwala olowa m'malo mwa a kuchipatala. Komabe dziwani kuti mtedza, nthangala za maungu, chitowe ndi nyemba sizingosowa kolesiterolo chabe, zimathandizanso kumutsekereza pakhomo.

Mfundo yachiwiri ndi imeneyo: zomera zili ndi wawo wogwira ntchito yomweyo, ndipo thupi lathu limamubweza.

Tsopano mfundo yachitatu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawu a pabotolo aja ndi okoma, ndipo ndi oona, koma akuyankha funso limene mtima wanu sunafunse. Dokotala akanena kuti kolesiterolo wanu wakwera, sakunena za amene ali m'mbale. Akunena za amene ali m'magazi. Awiriwa ndi osiyana, ndipo kusokoneza awiriwa ndiko kwasocheretsa anthu ambiri.

Kusokonezekaku kuli ndi mbiri yake. Mu 1913, mumzinda wa St Petersburg ku Russia, dokotala wachinyamata dzina lake Nikolai Anichkov anadyetsa akalulu kolesiterolo amene anamusungunula m'mafuta a mpendadzuwa. Patapita nthawi, mitsempha ikuluikulu ya akaluluwo inayamba kuundana mafuta m'kati, ngati mmene imachitira ya anthu odwala mtima. Akalulu amene anapatsidwa mafuta a mpendadzuwa okha sanaonetse vutolo. Ntchito imeneyi inatsegula maso a dziko kuti kolesiterolo wochuluka m'magazi amawononga mitsempha, ndipo pa chimenechi Anichkov sanalakwitse. Koma kalulu ndi wodya udzu, thupi lake silinazolowere kulandira kolesiterolo kuchokera kunja, ndiye akamudya amangodzadza m'magazi. Munthu ndi wosiyana. Kwa anthu ambiri, akadya kolesiterolo wochulukirapo, chiwindi chimachepetsa amene chimapanga, ndipo wa m'magazi amangokwera pang'ono. Chimene chimamukweza kwambiri ndi china.

Kuti timvetse chinacho, tione mmene kolesiterolo amayendera. Popeza sasungunuka m'madzi, sangayende yekha m'magazi. Amakwera timatumba tonyamula katundu, ndipo pa pepala la zotsatira za kuchipatala mudzaona mayina a mitundu iwiri: LDL ndi HDL. LDL, amene ndiye kolesiterolo woipa uja, ali ngati ngolo zotenga katundu kupita naye kumidzi, ndipo HDL ali ngati ngolo zotolera wotsala kubwerera naye kuchiwindi. Ngolo za LDL zikachuluka n'kumangozungulira mumsewu, zina zimalowa m'khoma la mtsempha n'kutsakamira momwemo. Chaka ndi chaka khomalo limanenepa, njira ya magazi imachepa, ngati paipi ya madzi imene yadzadza dzimbiri. Tsiku lina chotupa cha m'khomamo chimang'ambika, magazi amaundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Zikachitikira mumtsempha wa mtima, munthu amagwa ndi matenda a mtima. Zikachitikira mumtsempha wa ku bongo, ndiye sitiroko, imene imasiya munthu atafa ziwalo mbali imodzi.

Amene amachotsa ngolo za LDL mumsewu ndi chiwindi chomwecho. Pa maselo ake pali timakomo tapadera togwira LDL n'kumulowetsa m'kati. Madokotala awiri a ku Texas m'dziko la America, Michael Brown ndi Joseph Goldstein, ndiwo anatulukira timakomo timeneti, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1985. Timakomo tikakhala tambiri, magazi amayera. Tikachepa, LDL amadzadza. Ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zimachepetsa timakomoti ndi mtundu wa mafuta amene timadya, makamaka amene akatswiri amawatcha sachuretedi. Pano tiwatche mafuta oundana, chifukwa ndiwo amene amalimba akazizira, monga mmene msuzi wa nyama ya ng'ombe umachitira chikhungu choyera pamwamba ukagona mumphika.

Mvetsani bwino apa. Mafuta oundana sali m'nyama mokha. Zomera zina zili nawo ambiri. Pa magalamu 100 alionse, mafuta a mpendadzuwa ali ndi oundana pafupifupi 10, a soya pafupifupi 15, a mtedza pafupifupi 17, a thonje pafupifupi 26. Koma a pamu ali ndi pafupifupi theka, ndipo a kokonati amapitirira 80, kuposa batala amene ali ndi pafupifupi 50. Onsewa ndi a zomera, onsewa angathe kunena kuti alibe kolesiterolo, koma chimene amachita akafika kuchiwindi n'chosiyana kutalitali. Mafuta a kokonati alibe kolesiterolo, komabe amakweza LDL poyerekeza ndi a mpendadzuwa kapena a soya.

Tibwerere kwa bambo a kunyumba kwa mayi uja, tiwawerengere tsiku limodzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mafuta oundana asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya. Kwa munthu wamkulu wodya makalore 2,000 patsiku, zimenezi zikutanthauza magalamu pafupifupi 22. Tinene kuti bambowa adya mandasi awiri m'mawa, masana chipisi cha pamsewu, madzulo nsima ya ndiwo zokazingira, ndipo mafuta onse amene alowa m'thupi mwawo akwana masupuni aakulu atatu. Si zachilendo zimenezi kwa munthu wogwira ntchito m'tauni. Ngati mafutawo ali a mpendadzuwa, supuni iliyonse ili ndi oundana pafupifupi galamu imodzi ndi theka, onse pamodzi osafika magalamu asanu. Ngati ali a soya, apitirira pang'ono magalamu asanu ndi limodzi. Koma ngati ali a pamu, supuni iliyonse ili ndi magalamu 6 kapena 7, onse pamodzi 18 mpaka 21. Bambo aja atsala pang'ono kumaliza mlingo wa tsiku lonse asanalawe nyama, dzira kapena mkaka. Masupuni ndi atatu omwewo, kolesiterolo wa m'mafutamo ndi ziro konsekonse, koma katundu amene wafika kuchiwindi wasiyana kanayi.

Opanga malamulo m'mayiko ena anaiona mbuna imeneyi. Ku America, chakudya sichiloledwa kulembedwa kuti chilibe kolesiterolo pokhapokha chitakwaniritsa zinthu ziwiri: kolesiterolo asafike mamiligalamu awiri pa mlingo umodzi wodyera, ndiponso mafuta oundana asapitirire magalamu awiri pa mlingo womwewo. Ndi lamulo limenelo, mafuta a mpendadzuwa amadutsa, koma a pamu ndi a kokonati amakanidwa, ngakhale onse alibe kolesiterolo. Chifukwa chake n'chomveka: mawu oona amene akusiya wogula akuganiza zabodza ndi osayenera kulembedwa.

Pali mtundu winanso woipa kuposa oundana, ndipo nawonso umachokera ku zomera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, katswiri wa ku Germany Wilhelm Normann anapeza njira yolimbitsira mafuta amadzimadzi powathira mpweya wa haidirojeni, kuti akhale ngati batala ndi kuti asamaonongeke msanga. Mafuta akalimbitsidwa mwatheka chabe, mumapangika mafuta otchedwa tiranzi. Amenewa amakweza LDL, n'kutsitsanso HDL, kumenya mbali zonse ziwiri. Kwa zaka zambiri majarini olimba ndi mafuta ophikira mabisiketi ankagulitsidwa monyadira kuti alibe kolesiterolo, pamene anali odzadza ndi tiranzi. Dziko la Denmark linayamba kuwaletsa mu 2003, South Africa inaika malire mu 2011, ndipo mu 2018 bungwe la WHO linapempha mayiko onse kuti awachotseretu m'zakudya zopangidwa m'mafakitale. Majarini ambiri a masiku ano anasinthidwa kapangidwe, koma pogula majarini olimba kapena mabisiketi otchipa, ndi bwino kuyang'ana ngati palembedwa za mafuta olimbitsidwa mwatheka ndi haidirojeni.

Ndiye munthu angadziwe bwanji chimene chili m'botolo? Safunsa anadya phula. Njira yoyamba ndi kulitembenuza. Kutsogolo kwa botolo kumalankhula wogulitsa, kumbuyo kumalankhula mafuta eni ake. Fufuzani pamene alemba zimene zili m'katimo. Mawu ongoti mafuta a zomera satchula mbewu, ndipo kawirikawiri amatanthauza pamu kapena pamu wosakaniza ndi soya. Mukaona mawu oti pamu oleyini, dziwani kuti ndi gawo lamadzimadzi la mafuta a pamu, ndipo oundana ake ndi ocheperako pang'ono chabe. Ngati pali tebulo la manambala, pezani mzera wa sachuretedi pa magalamu 100: nambala ya m'ma 10 mpaka 17 ndi ya mpendadzuwa, soya kapena mtedza, ya m'ma 40 ndi ya pamu.

Njira yachiwiri ndi ya maso, ndipo anthu a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mzuzu amaidziwa kale. M'mwezi wa Juni kapena Julayi, m'mawa kukazizira, botolo lina limachita mtambo, pansi pake n'kukhala zoyera zonga phala, mpaka mayi amaliika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula kuti mafuta atsike. Botolo lina limakhala loyera mbee ngati kale. Limene laundanalo silinaonongeke, likungoulula kuti lili ndi mafuta oundana ambiri. Njirayi ili ndi malire ake: mafuta a mtedza nawonso amachita mtambo mukawaika m'firiji, ndipo mwezi wa Okutobala ku Nsanje palibe mafuta amene angaundane. Koma kwa wogula mafuta oyezera opanda chizindikiro chilichonse, ndi umboni woyambira.

Pano pafunika chilungamo kwa mafuta a pamu, kuti wina asachoke pano akuti amva kuti ndi poizoni. Si poizoni. Ndi otsika mtengo, amapirira moto wa chiwaya kuposa a mpendadzuwa, ndipo mawese ofiira aja amene anthu a ku Karonga amawadziwa bwino ali ndi chinthu chimene thupi limasandutsa vitamini A. Mafuta ophikira a m'mafakitale m'Malawi muno amayenera kuthiridwa vitamini A, amene amateteza maso ndi thupi la ana. Kwa banja la kumudzi limene limadontheza kasupuni kamodzi mumphika wa anthu asanu ndi mmodzi, vuto si kuchuluka kwa mafuta, ndipo mwana wamng'ono amafunika mafuta kuti akule. Chenjezoli likupita kwa amene mafuta achuluka m'mbale mwawo tsiku ndi tsiku, amene thupi lakula, amene ali ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndi amene kwawo kuli mbiri ya sitiroko ndi matenda a mtima. Kwa amenewa, kusintha kuchoka ku mafuta oundana kupita ku a mpendadzuwa, soya kapena mtedza kumatsitsa LDL. Ndipo ngakhale mafuta abwino kwambiri, supuni imodzi ili ndi makalore 120, osachepa chifukwa cha chithunzi cha mtima. Mafuta amene akazingidwa mobwerezabwereza mpaka kuda, kuchita thovu, kunanda ndi kufuka utsi msanga, aonongeka kale, kaya anachokera ku mbewu yanji.

Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo kolesiterolo wa m'mitsempha amaunjikana motero, mwakachetechete. Sapweteka mutu, sachititsa chizungulire, ndipo munthu wowonda akhoza kukhala naye wambiri. Kafukufuku wa matenda osapatsirana amene anachitika m'Malawi mu 2009, pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64, anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 100 alionse anali ndi kolesiterolo wokwera, ndipo mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Awiriwa akakumana mwa munthu mmodzi, mitsempha imaonongeka msanga. Palinso anthu ena, pafupifupi mmodzi mwa 250 kapena 300, amene anabadwa ndi timakomo ta pachiwindi tochepa kapena tosagwira bwino ntchito. Amenewa ngakhale atasiya nyama, mazira ndi mkaka n'kumadya zamasamba zokhazokha, LDL wawo amakhalabe wokwera, ndipo amafunika mankhwala otchedwa masitatini, amene amachepetsa kolesiterolo wopangidwa m'chiwindi. Ngati m'banja mwanu wina anagwa ndi mtima asanafike zaka 50 kapena 55, auzeni adokotala.

Amayi ndi abambo, tibwereze zitatu zija. Mafuta onse a zomera alibe kolesiterolo woti n'kuwerengera, choncho musalipire ndalama yowonjezera chifukwa cha mawu amenewo. Zomera zili ndi masiterolo awoawo, amene thupi limawabweza pakhomo. Ndipo kolesiterolo wambiri wa m'magazi mwanu sanalowere pakamwa, anapangidwa ndi chiwindi chanu, chimene chimamvera mtundu ndi kuchuluka kwa mafuta amene mumachipatsa.

Mukafika kunyumba madzulo ano, tengani botolo limene lili kukhitchini, mulitembenuze, muone mbewu imene mafutawo anachokera ndi nambala ya mafuta oundana. Ndipo inu amene mwapitirira zaka 40, kapena muli ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, mukapita kuchipatala kumene amayeza magazi, pemphani kuti akuyezeni kolesiterolo. Kwa munthu wamkulu, nambala yonse imafunika kukhala pansi pa 5 mmol/L, ndipo mufunsenso nambala ya LDL payokha.